Mmene mungaikire chizindikiro cha malonda pa mapositi olipiridwa amene amatuluka okha pa ndandanda

Anzanga oyendetsa mapeji a pa Facebook ndi Instagram kuno ku Chigwa cha Shire, kuyambira ku Dyeratu mpaka ku Nsanje boma, akhala akundifunsa funso limodzimodzi: munthu walipidwa kuti atsatse malonda, waika positi pa ndandanda kuti ituluke yokha mawa m'mawa, kukacha positi yatuluka bwinobwino koma chizindikiro chosonyeza kuti ndi yolipiridwa palibe. Kuyankha mmodzimmodzi pa foni kwanditopetsa, ndiye ndalemba pano kamodzi kuti wofunsa ndizingomulozera.

Gwero la vutoli ndi lakuti pulogalamu yotumiza mapositi siidziwa kuti ndani wakupatsani ndalama. Imanyamula zimene mwaipatsa basi, ndipo nthawi zina siinyamula n'komwe zonse zimene mwaipatsazo. Kuno timadalira ndandanda kwambiri chifukwa cha magetsi ndi netiweki: munthu amakhala pansi tsiku limodzi pamene netiweki ikugwira, n'kulowetsa mapositi a sabata yonse, kenako n'kupita ku zintchito zina. Njira imeneyi ndi yabwino, koma ikutanthauza kuti positi imatuluka inu muli kumunda kapena foni itazima, popanda woyang'ana.

Kuti tisamalankhule zam'mwamba, tiyerekeze kuti muli ndi peji ya zaulimi ku Nchalo. Mumalemba pa Facebook ndi Instagram, mumaika makanema pa TikTok, komanso anthu ambiri amaona Status yanu pa WhatsApp. Mwini sitolo ina ya zipangizo zaulimi ku Ngabu akufuna mutsatse mapampu a sola madzi akangophwera, anthu akamayamba kulowa m'madimba. Mwagwirizana K120,000 pa mapositi 6 m'masabata atatu, ndipo wakupatsaninso pampu imodzi kuti muzigwiritsa ntchito kudimba kwanu. Chitsanzo chimenechi ndi chimene titsatire mpaka kumapeto.

1. Yambani mwadziwa kuti positi yolipiridwa ndi iti

Ambiri amaganiza kuti malipiro ndi ndalama yolowa pa Mpamba kapena pa Airtel Money basi. Malamulo a kampani ya Meta, yomwe ndi eni ake a Facebook ndi Instagram, amawerengera chilichonse chaphindu chimene mwalandira kuti muonetse malonda a wina, kaya ndalama, kaya mphatso. Choncho thumba la mbewu laulere, mayunitsi, bandulo, mafuta a njinga yamoto, kuchotseredwa mtengo, kapena kangachepe kamene mumalandira pa kasitomala aliyense amene mwatumiza, zonsezi ndi malipiro. Kangachepe apa ndikutanthauza kandalama ka pamwamba kaja kamene wamalonda amakupatsani wina akagula atatchula dzina lanu.

M'chitsanzo chathu mapositi 6 aja ndi odziwikiratu. Imene imaiwalika ndi yachisanu ndi chiwiri: kanema amene mudzajambule nokha mwezi wamawa mukuthirira nyemba ndi pampu ija, n'kunena kuti ikukoka madzi bwino. Palibe wakutumani, koma pampuyo simunagule. Mlimi wa ku Makhanga amene akuonera kanemayo ayenera kudziwa zimenezo asanagulitse mbuzi zake kuti agule pampu ngati yanuyo. Positi imeneyonso ifunika chizindikiro.

Ngati sitolo ndi yanu ndipo mukutsatsa pa peji ya sitoloyo, aliyense akuona kuti ndi malonda, palibe chobisika. Koma ngati sitolo ndi ya alamu anu ndipo mukuiyamikira pa peji ya zaulimi ngati kuti mwangoipeza panjira, nenani ubalewo. Kuno kwathu bungwe la Competition and Fair Trading Commission ndi limene limaona nkhani za kutsatsa malonda monyenga ogula, ndipo nawo eni mapulogalamuwa akhoza kuchotsa positi kapena kuchepetsa zimene akaunti yanu ingachite mukamaphwanya malamulo awo.

2. Musasokoneze zizindikiro zimene zimaoneka zofanana

Mawu akuti "Sponsored" amene mumaona pa Facebook amatuluka munthu akalipira kampani ya Meta kuti positi ionekere kwa anthu ambiri, chimene timati kubusita. Sakunena chilichonse za ndalama imene wa sitolo wapereka kwa inu. Chizindikiro chimene tikufuna ife ndi "Paid partnership", chimene chimakhala pamwamba pa positi, pafupi ndi dzina lanu.

Kutchula dzina la sitolo ndi @ si chizindikiro. "Invite collaborator" ya pa Instagram, imene imachititsa positi imodzi kuonekera pa maakaunti awiri, nayonso si chizindikiro, chifukwa anthu awiri akhoza kugawana positi popanda wolipira mnzake.

Pa TikTok pali malo oululira kuti kanema ndi wamalonda, ndipo mukayatsa mumasankha pakati pa "Your brand" ndi "Branded content". Yoyambayo ndi ya wotsatsa bizinesi yakeyake, ndipo imatulutsa mawu akuti "Promotional content". Yachiwiri ndiyo yanu pa nkhani ya mapampu, ndipo imatulutsa "Paid partnership". Pa YouTube mumachonga kabokosi konena kuti kanema ali ndi malonda olipiridwa, ndipo oonera amaona "Includes paid promotion" kumayambiriro. Pa Status ya WhatsApp mudalire mawu anu olemba nokha.

3. Malizani za chilolezo cha wolipira musanakhudze ndandanda

Pa Instagram chizindikiro chili ndi mbali ziwiri: kuyatsa "Add paid partnership label", ndi kusankha wolipira pa "Add brand partners". Mukasankha sitolo koyamba, pempho limapita ku akaunti yawo kuti avomereze. Asanavomereze, positi imaonetsa "Paid partnership" popanda dzina lawo. Akavomereza m'pamene pamatuluka "Paid partnership with" ndi dzina la sitolo.

Chimene chimachitika kawirikawiri kuno ndi chakuti akaunti ya sitolo inatsegulidwa ndi mphwake wa mwini sitolo amene pano ali ku Blantyre kusukulu, ndipo palibe akukumbukira nambala yachinsinsi. Pempho lanu limangokhala osayankhidwa. Ndiye tsiku logwirizana mtengo, muli pasitolo pomwepo, pemphani kuti atsegule akauntiyo muli pompo. Onani ngati ili akaunti ya bizinesi, chifukwa akaunti wamba siingasankhidwe ngati wolipira. Tumizani pempho, iwo avomereze inu mukuona.

Mukapeza kuti sitolo ilibe peji, pali akaunti ya mwiniwake yokha yokhala ndi zithunzi za banja, musasiye chizindikiro chifukwa cha zimenezo. Pa Instagram chimayatsidwa ngakhale osasankha wolipira. Dzina la sitolo mudzalilemba m'mawu a positi.

Pali batani lina lakuti "Allow brand partner to boost". Mukaliyatsa, wa sitolo akhoza kubusita positi yanu ndi ndalama zake, nkhope yanu n'kumaonekera kwa anthu amene sakutsatani. Ine ndimaona kuti imeneyi ndi nkhani ya mtengo wina. K120,000 ija inali ya mapositi 6 kwa anthu anu, osati yogwiritsa ntchito nkhope yanu chigwa chonse mpaka kalekale. Kambiranani kaye.

4. Lembani tebulo limene positi yolipiridwa siingadutse mwakachetechete

Ndandanda yeniyeni isakhale m'mutu kapena m'pulogalamu yotumizira mokha. Tsegulani tebulo pa Google Sheets kapena Excel, ngakhale pa foni, ndipo mzere uliwonse ukhale wa positi imodzi pa malo amodzi. Mapositi 6 opita malo anayi ndi mizere 24, osati 6, chifukwa chizindikiro cha pa Instagram sichikuimirirani pa TikTok.

Madanga ake akhale awa: A tsiku ndi nthawi, B malo, C yolipiridwa kapena ayi, D chizindikiro chakonzeka kapena ayi, E njira yotumizira, F mawu a positi. Mu C ndi mu D muzilemba INDE kapena AYI. Mu G, pa mzere wachiwiri, ikani fomula iyi n'kuikokera pansi:

```
=IF(AND(C2="INDE",OR(D2<>"INDE",LEFT(F2,7)<>"MALONDA")),"IMANI","PITANI")
```

Ikunena kuti ngati positi ndi yolipiridwa, koma chizindikiro sichinakonzeke kapena mawu ake sakuyamba ndi MALONDA, mzerewo ulembe IMANI. Lamulo likhale lakuti mzere wa IMANI sulowa pa ndandanda. Pa mizere ya WhatsApp, mu D lembani INDE pokhapokha mawu oulula atalembedwa pa chithunzi chenichenicho.

Danga C lizidzazidwa ndi munthu amene anagwirizana mtengo, pa tsiku logwirizana. Mapeji ambiri ali ndi maadimini awiri kapena atatu: wina amalankhula ndi amalonda, wina amalowetsa mapositi. Wolowetsayo amangolandira chithunzi pa WhatsApp ndi uthenga wakuti "muike Lachitatu", osadziwa kuti panadutsa ndalama.

5. Yesani njira iliyonse kuti muone ngati imanyamula chizindikiro

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangodumpha, n'kungoti "yatsani chizindikiro kenako sankhani nthawi", ngati kuti zinthu ziwirizi zimayendera limodzi nthawi zonse. Siziyendera limodzi nthawi zonse.

Positi yoikidwa pa ndandanda ikhoza kutuluka kudzera njira zingapo. Ina ndi pulogalamu ya Instagram yomweyo pa foni. Ina ndi Meta Business Suite, imene ili ndi kalendala yotchedwa Planner. Ina ndi mapulogalamu a makampani ena monga Buffer, Later kapena Hootsuite. Mapulogalamu akunjawa salowa mu Instagram ngati mmene mumalowera inu ndi chala. Amadutsa pakhomo lapadera limene eni Instagram anawatsegulira, ndipo amatha kuchita zokhazo zimene khomolo likuloleza. Kwa nthawi yaitali khomo limeneli linkalola chithunzi ndi mawu koma osati chizindikiro cha mgwirizano wolipiridwa. Ngakhale Instagram yeniyeniyo itayamba kulola kuika mapositi pa ndandanda mkati mwake kumapeto kwa 2022, zinthu zina za mapositi amalonda sizinkagwira pa positi yoikidwiratu. Zimenezi zimasinthasintha, ndipo zimene zili pa foni ya mnzanu mwina pa yanu sizinafike. N'chifukwa chake sindikukupatsani mndandanda wa "iyi imatha, iyi siitha". Ndikukupatsani mayeso oti muchite nokha.

Tengani positi yoyamba ya mapampu, yeniyeni, osati yongopeka. Ilowetseni m'njira imene mumagwiritsa ntchito masiku onse. Funani poyatsira chizindikiro musanasankhe nthawi. Pakapanda kuoneka paliponse, yankho mwalipeza kale: njira imeneyo siinyamula. Pakaoneka, yatsani, sankhani sitolo, kenako sankhani nthawi yapafupi, monga theka la ola kutsogolo. Yang'anitsitsani chimene chachitika mutasankha nthawi, chifukwa nthawi zina kuyatsa chimodzi kumazimitsa chinzake, kapena batani limodzi limafooka osadinika. Mukasunga, tsegulaninso positiyo pa kalendala muone ngati chizindikiro chikadalipo.

Nthawi ikakwana, musaione pa foni yanu yokha. Bwerekani foni ya munthu wina amene si adimini, makamaka yaing'ono yokhala ndi Facebook Lite monga zimene ambiri ali nazo kumudzi, muone zimene iye akuona. Ngati positi inapita pa Facebook ndi pa Instagram nthawi imodzi, tsegulani mbali zonse ziwiri. Kutumiza kamodzi kopita malo awiri ndi kumene kumapusitsa anthu kwambiri, chifukwa mbali imodzi imatuluka ndi chizindikiro, munthu n'kukhutira, pamene mbali inayo yatuluka yopanda kanthu.

Mayeso amenewa muwachite pa mtundu uliwonse wa positi umene muli nawo pa mgwirizano. Chithunzi chimodzi, zithunzi zingapo zoseweretsa ndi chala, Reel ndi Story sizichita zofanana. Njira imene yanyamula chizindikiro pa chithunzi ikhoza kulephera pa Story.

Zotsatira muzilembe mu danga E. Pamene chizindikiro chafika, lembani YOKHA. Pamene sichinafike, lembani MANJA. Tiyerekeze kuti pa inu zatuluka motere: Facebook yanyamula kudzera mu Meta Business Suite, Instagram kudzera m'pulogalamu yakunja yakana, TikTok yanyamula mutalowetsa kanema pa kompyuta, WhatsApp ndi ya manja nthawi zonse. Ndiye kuti pa mizere 24 ija, 12 ituluka yokha ndipo 12 ikudikira chala chanu.

Mizere ya MANJA siitanthauza kuti ndandanda yatha ntchito. Mapulogalamu akunja ambiri ali ndi njira yokumbutsa m'malo motumiza: nthawi ikakwana foni imalira, chithunzi ndi mawu zili zokonzeka, inu mumatsegula Instagram, kuyatsa chizindikiro, n'kutumiza nokha. Sinthani mapositi olipiridwa okhawo kuti akhale a chikumbutso, enawo azipitiriza kutuluka okha.

Koma chikumbutso chimafuna kuti pa nthawiyo mukhale ndi moto m'foni, bandulo ndi netiweki. Choncho positi ya MANJA musaiike 5 koloko m'mawa pamene mukhala mukuthirira kudimba kumene netiweki ndi yosakasaka. Iikeni nthawi imene mumakhala pamsika kapena panyumba, ndipo muuzeni wa sitolo nthawi imeneyo, osamulonjeza ola limene simungakwanitse. Onaninso kuti wotchi ya pulogalamuyo ili pa nthawi ya kuno. Malawi ali maola awiri patsogolo pa UTC, nthawi imene maiko onse amayerekezerapo mawotchi awo, ndipo pulogalamu imene inatsalira pa nthawi ya dziko lina idzakulizirani chikumbutso pa ola lolakwika. Ngati mndandanda wa nthawi mulibe Blantyre, Maputo kapena Harare ndi chimodzimodzi.

Pa TikTok pali zina ziwiri zoti mudziwe musanawononge bandulo. Kanema woikidwa kale pa ndandanda nthawi zambiri sasinthika, ndiye mukaiwala kuyatsa "Branded content" mudzayenera kumufufuta n'kumulowetsanso. Komanso kanema wamalonda saloledwa kungotenga nyimbo iliyonse yotchuka. Pali nkhokwe yapadera ya nyimbo zololedwa pa malonda, kapena mugwiritse ntchito mawu anu okha, zomwe pa kanema wa pampu ndi zabwinonso chifukwa anthu akufuna kumva mtengo ndi kukula kwa munda umene ingathirire.

Mayeso amenewa muziwabwereza mukayamba mgwirizano watsopano uliwonse, kapena pulogalamu ikasintha maonekedwe.

6. Lembani kuulula m'mawu a positi, koyambirira, m'chinenero cha owerenga

Ngakhale chizindikiro chitatuluka bwino, pachokha sichikwanira kwa anthu athu. Chili m'Chingerezi, n'chaching'ono, ndipo owerenga ambiri a kuno amalankhula Chimang'anja kapena Chisena. Chinanso n'chakuti zinthu kuno zimayenda kwambiri pa WhatsApp: munthu amatsitsa kanema wanu kapena kujambula sikirini n'kutumiza ku gulu la kalabu ya alimi. Akatsitsa kanema, chizindikiro chimatsala pa Facebook, kanemayo n'kupita yekha.

Mawu olembedwa ali ndi ubwino winanso waukulu: njira iliyonse yotumizira imawanyamula. Ngakhale chizindikiro chitagwa panjira, iwo amafika.

Choncho mawu oyamba a positi akhale oulula, mwachitsanzo:

MALONDA: Positi iyi yalipiridwa ndi sitolo ya (dzina) ya ku Ngabu. Pampu imene mukuiona anandipatsa ndi iwowo.

Akhale oyamba chifukwa positi yaitali imadulidwa. Pa Instagram pamaoneka zilembo pafupifupi 125 zokha munthu asanadine "more", ndipo pa Facebook pali "See more". Kuulula kolembedwa kumapeto, kapena #ad yobisika pakati pa mahashitagi khumi, n'chimodzimodzi kulemba mtengo kunsi kwa thumba la chimanga. Pewaninso mawu ozungulira monga "tikuthokoza abwenzi athu" kapena "mothandizana ndi". Kuno timathokoza anthu tsiku lililonse, ndipo palibe angamve kuti pamenepo panali malipiro.

Pa chithunzi, mawu akuti MALONDA alembedwe pa chithunzi chenichenicho, akuluakulu oti awerengeke pa foni yaing'ono. Pa kanema, alembedwe pa sikirini ndiponso muwanene ndi pakamwa m'masekondi oyambirira. Ngati anthu anu ambiri ali chakumunsi ku Bangula, Nsanje ndi Marka, nenaninso m'Chisena. Pa Status ndi Story zimene mwadula zidutswa zingapo, chidutswa chilichonse chikhale ndi mawuwo, popeza anthu amadumphadumpha ndipo ena amayambira pakati.

Wa sitolo wina adzakupemphani kuti muchotse mawu amenewa kuti positi "ioneke ngati yochokera pansi pa mtima". Nkhani imeneyi ithetsedwe pa tsiku logwirizana mtengo, ndipo ilembedwe ngakhale mu uthenga wa pa WhatsApp, kuti mapositi onse adzakhala ndi chizindikiro. Amene akukana zimenezi akufuna kugula chikhulupiriro chimene anthu ali nacho pa inu, pa mtengo wa positi wamba.

7. Positi ikatuluka, ioneni tsiku lomwelo

Onjezani danga lomaliza pa tebulo lolembamo kuti mwaona. Yang'anani zinthu zitatu: chizindikiro chilipo, dzina la sitolo likuoneka, mawu a MALONDA akuwerengeka osadina kalikonse. Jambulani sikirini musunge, idzakuthandizani pokatenga ndalama yotsala.

Mukapeza "Paid partnership" yopanda dzina, ndiye kuti sitolo siinavomereze kapena inachotsa chilolezo. Aimbireni, positi isiyeni. Mukapeza chizindikiro palibiretu pa Instagram, dinani timadontho titatu, sankhani "Edit", muwonjezere pomwepo. Musathamangire kufufuta positi imene anthu ayamba kale kuyankhapo. Ngati pa malo ena kuwonjezera kukukanika, konzani mawu a positi kuti ayambe ndi kuulula, kenako muone ngati kuli koyenera kuitumizanso. Mukatha musinthe danga E la mizere yotsala ya njira imeneyo kukhala MANJA, chifukwa chimene chagwetsa chizindikiro lero chidzachigwetsanso Lachisanu.

8. Samalani ndi mapositi obwereza komanso mgwirizano ukatha

Mapulogalamu ena amabwereza okha mapositi akale amene anachita bwino, ndipo ngakhale popanda zimenezo ambirife timakopera positi yakale n'kungosintha tsiku. Pokopera, chithunzi ndi mawu zimabwera, koma chizindikiro musachiyembekezere. Positi yokoperayo muitenge ngati yatsopano: mzere wake pa tebulo, mayeso ake.

Mapositi olipiridwa musawaike m'gulu la obwerezabwereza. Masabata atatu aja akatha, positi ya mapampu ikatulukanso mu Okutobala ndi mtengo wa mu Meyi, mlimi adzakwera njinga kuchokera ku Miseu Folo kupita ku Ngabu ndi ndalama yosakwana, ndipo wokwiyiridwa mudzakhala inu. Tsiku lomaliza la mgwirizano tsegulani kalendala, pitani kutsogolo miyezi ingapo, muchotse chilichonse chotsalira cha sitoloyo. Mapositi amene anatuluka kale asiyeni ndi chizindikiro chake. Kutha kwa mgwirizano sikusintha kuti analipiridwa. Ndipo pampu ija ikadzaonekanso m'kanema wina mukuiyamikira, mudzanenebe kuti munapatsidwa.

Chomaliza ndi cha nyengo ya mvula. Kuyambira Januwale mpaka Malichi chigwa chino chikhoza kusintha usiku umodzi. Namondwe Ana mu Januwale 2022 anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo Freddy mu Malichi 2023 anadula misewu n'kusamutsa anthu ambiri ku Chikwawa ndi Nsanje. Pa masiku ngati amenewo mizere ya MANJA imangoima yokha chifukwa foni yazima, koma ya YOKHA imapitiriza kutuluka, kutsatsa mapampu othirira kwa anthu amene ali m'makampu. Choncho m'miyezi imeneyi musaike mapositi olipiridwa patsogolo kupitirira masiku atatu kapena anayi. Pakhalenso adimini wachiwiri wokhala kumtunda, kaya ku Blantyre kaya ku Thyolo, amene ali ndi mphamvu yoimitsa ndandanda inu mukasowa pa netiweki, ndipo mu mgwirizano wanu ndi sitolo mulembemo kuti mapositi oimitsidwa chifukwa cha madzi osefukira adzatuluka tsiku lina popanda kudula malipiro.